Kutembenuza nkhope pa chithunzi: chikombole chimodzi, Basel Face Model kapena FLAME?

Tinene kuti muli ndi chithunzi cha munthu amene mutu wake wapendekera kumbali ndi madigiri 45, ndipo mukufuna kuti ayang'ane kutsogolo. Kukoka chithunzi chafulati sikungathandize, chifukwa mphuno ili kutsogolo kwa masaya ndipo mutu ukazungulira imayenda mtunda wautali kuposa iwo. Pamafunika chikombole cha 3D, ndipo zikombole zake zilipo zosiyanasiyana.

Kagwiridwe kake ndi kofanana. Mumapeza madontho olozera malo a maso, mphuno, pakamwa ndi nsagwada pankhope, nthawi zambiri 68 a pulogalamu ya `dlib`, n'kuwagwirizanitsa ndi anzawo a pachikombole. Kenako `solvePnP` ya OpenCV imawerengera mmene mutu wapendekera. Mukatero mumamata mitundu ya pachithunzi pachikombolepo, kuchizunguliza, n'kuchijambulanso. Chikombole sichipanga khungu latsopano ayi, chimangouza pikiseli iliyonse kopita.

Njira yotsika mtengo ndi ya chikombole chimodzi cha anthu onse, imene Hassner ndi anzake anaionetsa mu 2015. Ndi yachangu komanso sisinthasintha, chifukwa chowerengera ndi kapendekedwe kokha. Vuto n'lakuti aliyense amatuluka atabwereka mphuno ndi chibwano cha chikombolecho. Munthu wa mphuno yaitali, mbali ya mphunoyo imapakika patsaya. Ngati cholinga n'kuwongola nkhope zambirimbiri zongopendekera pang'ono kuti pulogalamu izizindikire, imeneyi ikukwanirani.

Zina ziwirizi, Basel Face Model ndi FLAME, zimasintha maonekedwe kuti zifanane ndi munthuyo, potsata nzeru ya Blanz ndi Vetter ya mu 1999: nkhope yapakatikati, kuphatikizapo manambala oinenepetsa, oitalikitsa kapena oitukula mphuno. Basel Face Model ya 2009 inachokera pa anthu 200, amuna 100 ndi akazi 100, ndipo ili ndi nsonga 53,490, zomwe ndi timadontho tolumikizana topanga chikombolecho. Ndi yosalala bwino pamphuno ndi m'maso, koma simakwirira mutu wonse, ndipo yokha ilibe kuseka kapena kuyasamula, moti anthu amaiwonjezera zimenezi kuchokera kwina. FLAME ya 2017 ili ndi nsonga 5,023 zokha, koma ndi mutu wathunthu wokhala ndi mfundo zotembenukira pakhosi, pansagwada ndi m'maso. Mfundo ya pakhosiyo si nkhani yaing'ono. Mukazunguliza nkhope yokha khosi n'kutsala pomwe linali, zimaoneka ngati munthu wavala chigoba. Choncho pa vidiyo, kapena pamene pakamwa pali potsegula, FLAME ndiyo yabwino. Basel imapambana pamene mukudula nkhope yokha ndipo mukufuna tsatanetsatane.

Koma zonse zitatu zimagwa pa dzenje limodzi. Tengani kachigawo ka tsaya kotambalala mapikiseli 40, kopendekera kumbali ndi madigiri 30. Munthu akayang'ana kutsogolo kamaoneka ngati mapikiseli 35. Mutu ukapendekera 45, tsaya lapafupi limakhala pa madigiri 15 ndi kamera, ndipo limapereka mapikiseli 39. Lakutalilo lili pa 75, ndipo limangopereka 10. Kuti 10 akwane malo a 35 muyenera kuwatambasula koposa katatu, n'chifukwa chake mbali imodzi imatuluka yakuthwa, inayo yachimbuuzi ndi mizere yopingasa. Mutu ukapendekera madigiri 60, kachigawo kakutaliko sikaonekanso n'komwe, kaya chikombole chanu n'chabwino bwanji.

Ndiye musanamate mitundu, yesani kaye kuti nsonga iliyonse inkaonekadi pachithunzi choyambacho, poyerekeza kutalika kwake ndi kamera. Mukalumpha sitepe imeneyi, malo obisika kuseri kwa mphuno amatenga mtundu wa mphunoyo, ndipo mudzaona ngati mphuno ziwiri. Mabowo otsalawo anthu ambiri amawatseka pokopera mbali inayo ngati pagalasi. Zimagwira kuwala kukakhala kofanana mbali zonse. Kukachokera mbali imodzi, pamatuluka msoko pakati pa nkhope, ndipo chipsera kapena kadontho kakuda kamaoneka kawiri. Mapulogalamu ophunzitsidwa kudzaza mabowo amabisa msokowo bwino, kungoti zimene amaikapo n'zongopeka, osati khungu la munthuyo.

Cholakwika china chimabisala m'madontho aja. Pa 68 aja, 17 oyamba amatsata nsagwada. Mutu ukapendekera, a mbali yakutali amasiya nsagwada yeniyeni n'kukhala m'mphepete mwa tsaya looneka. Chikombole chimodzi chija chimangowerengera kapendekedwe kolakwika, koma Basel ndi FLAME zimapindika kuti zifike pamadontho abodzawo, nkhope n'kutuluka yopotoka. Gwiritsani ntchito 51 a mkati okha, kapena muziwasankhira nsonga zatsopano a m'mphepetewo nthawi iliyonse kapendekedwe kakawerengedwanso.

Tsitsi ndi magalasi a maso mulibe m'zikombole zitatuzi. Magalasi amamatika pakhungu ngati ojambulidwapo, ndipo mukazunguliza mutu chimango chake chimapindika motsata tsaya.