Patatha miyezi 9 ndikusintha nkhope pa makhadi a mafuno abwino

"Achimwene, pulogalamu yosinthira nkhope imene munapangira khadi la amalume ija mukuigwiritsabe ntchito? Ndikufuna kupangira amayi khadi loseketsa la Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, koma sindikufuna kuwachititsa manyazi."

Mchemwali, ndikuigwiritsabe ntchito, ndipo kuchokera mu Januwale ndapanga makhadi 11. Maganizo anga pa pulogalamuyo sanasinthe kwenikweni, koma kapangidwe kanga ka khadi kasintha kwambiri, ndipo chimene chinandisintha ndi khadi la amalume lomwelo, choncho ndiyambira pamenepo.

Amalume atapuma pa ntchito, tinagwirizana kuti tiike nkhope yawo pa thupi la msuweni wathu, amene tinamujambula akutsika msewu wa Ku Chawe pa njinga yodzaza nkhuni. Onse awiri ndinawapempha ndisanayambe, chifukwa pa chithunzi chotere pamakhala anthu awiri, mwini nkhope ndi mwini thupi, ndipo anthu ambiri amaiwala wachiwiriyu. Amalume anaseka n'kuvomera. Pansi penipeni pa khadilo, m'kamzere koyera, ndinalemba kuti chithunzichi n'chosinthidwa pa kompyuta ndipo n'chanthabwala chabe. Pa pepala zonse zinayenda bwino. Vuto linabwera patatha milungu itatu, pamene wachibale wina anajambula khadilo ndi foni, n'kudula m'mphepete kuti chithunzi chikwane bwino, kenako n'kuchitumiza ku gulu la mpingo. Kamzere kaja kanapita limodzi ndi m'mphepetemo. Lamulungu lotsatira, mayi wina wa ku Chinamwali anafunsa azakhali mwachifundo ngati zinthu zavuta pakhomo mpaka bambo wamkulu chotero kuyamba kugulitsa nkhuni. Amalume sanakwiye nane, koma ndinaona kuti zinawapweteka, ndipo kulakwa kunali kwanga.

Kuyambira pamenepo chizindikiro ndimachiika mkati mwa chithunzi chenichenicho, pafupi ndi nkhope imene ndasintha, kawirikawiri pachifuwa kapena pambali pa phewa, kotero kuti aliyense wofuna kuchidula adulenso mutu wa munthuyo. Ndimalemba mawu awiri okha, "Chithunzi chosinthidwa", ndi zilembo zoyera pa kachigamba kakuda, zazikulu moti agogo angathe kuwerenga pa foni popanda kukulitsa. Mawu olembedwa pansi pa uthenga sindiwadalira, chifukwa amene akutumiza chithunzi kwa ena angathe kuwasiya. Zimene mapulogalamu ena amabisa mkati mwa fayilo pofuna kusonyeza kuti chithunzi chasinthidwa sindizidaliranso, popeza WhatsApp imachotsa zambiri zotere mukatumiza chithunzi mwa njira ya masiku onse, ndipo munthu akajambula sikirini zimatayikiratu. Chimene chimayenda ndi chithunzi kulikonse n'chimene maso akuona basi. Ngati khadi likasindikizidwa, kumbukiraninso kuti osindikiza amadula mamilimita pafupifupi 3 m'mbali zonse, choncho mawu ofunika asayandikire m'mphepete.

Pa nkhani ya chilolezo ndinasinthanso kafunsidwe. Poyamba ndinkangofunsa kuti, "Kodi ndingagwiritse ntchito nkhope yanu?" Tsopano ndimafunsa kawiri. Koyamba ndimafotokoza nthabwalayo, ndipo kachiwiri ndimaonetsa khadi lomalizidwa ndisanalitumize kwa wina aliyense, n'kunena momveka kuti lidzafika kwa ndani: banja lokha, gulu la kuntchito, kapena aliyense. Munthu angavomere ganizo koma n'kukana akaona mmene laonekera, ndipo zimenezi zandichitikira kawiri. Makhadi onsewo ndinawafufuta pamaso pa eni ake. Ndimawauzanso kuti pulogalamuyi sigwirira ntchito mufoni mokha, koma imatumiza chithunzicho ku makompyuta a kampani imene inaipanga, kunja kwa dziko. Umboni wake ndi wosavuta, mukazimitsa intaneti imakana kugwira ntchito. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu la 2024, ndipo ine ndimaona kuti nkhope ya munthu wina sindiyenera kuitumiza kutali chotero iye asakudziwa. Pa chifukwa chomwechi nkhope za ana ndinasiyiratu kuziikamo, ngakhale makolo atavomera.

Kwa amayi pali vuto lina, loti mukufuna kuti khadi likhale lowadzidzimutsa, pamene chilolezo chimafuna kuti alione kaye. Njira imene yandithandiza ndiyo kuwapatsa khadilo m'manja muli awiri, m'mawa wa tsikulo, ndipo lipite kwa abale pokhapokha iwo atanena okha kuti litumizidwe.

Tsopano za ubwino wa chithunzi, pamene pulogalamuyi yandikhutiritsa pang'ono chabe. Pa foni nkhope imaoneka bwino nthawi zambiri, koma pa pepala zofooka zimaonekera, ndipo chifukwa chake ndinachimvetsa mochedwa. Mapulogalamu ambiri a mtundu umenewu amapanga nkhope yatsopanoyo ili yaing'ono kwambiri, timadontho ta chithunzi totchedwa mapikiselo 128 m'litali ndi 128 m'lifupi, kenako n'kuikulitsa ndi kuisalaza. Kusindikiza kwabwino kumafuna madontho 300 pa inchi iliyonse, kutanthauza kuti mapikiselo 128 amangokwana sentimita imodzi ndi pang'ono. Pa khadi la A5, limene ndi mamilimita 148 kwa 210 ndipo limafuna mapikiselo 1748 kwa 2480, nkhope ya masentimita 4 imafuna mapikiselo pafupifupi 470, ndiye kuti yakulitsidwa pafupifupi kanayi. Zotsatira zake n'zakuti khungu limasalala ngati la chidole, makwinya amachoka, ndipo kampata ka pakati pa mano a azakhali, kamene aliyense amawadziwira, kanatsekedwa. Ndinazindikira kuti khadi la A6, limene ndi theka la A5, kapena chithunzi chimene munthu akuoneka thupi lonse ndipo nkhope ndi yaing'ono, zimatuluka bwino koposa. Potumiza kwa osindikiza pa WhatsApp, sankhani `Document` m'malo motumiza ngati chithunzi wamba, kuti fayilo isafinyidwe.

Musanasindikize, kulitsani chithunzicho ndi kuyang'ana malo atatu. Oyamba ndi pamene chibwano chikukumana ndi khosi, chifukwa khungu la anthu awiriwo likasiyana, kapena ngati mmodzi anajambulidwa padzuwa la masana wina pamthunzi wa khonde, pamaoneka mzere. Pulogalamu imene ndili nayo imakonda kuyeretsa khungu lakuda, ndipo izi sizinasinthe m'miyezi yonseyi. Ndimazikonza pochepetsa kuwala pa nkhope pokha mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi imene ndi yaulere. Achiwiri ndi magalasi a maso, amene amapindika kapena kuoneka awiriawiri. Achitatu ndi m'mphepete mwa duku, ndipo izi zikukhudza amayi mwachindunji: pulogalamuyi imasintha kuyambira pamphumi mpaka pachibwano basi, tsitsi, makutu ndi duku zimakhala za mwini thupi. Choncho sankhani chithunzi cha munthu wovala duku ngati mmene iwo amavalira, apo ayi sadzadzizindikira. Nkhope zonse ziwiri ziyang'ane kutsogolo, popanda dzanja kapena kapu yotchinga pakamwa.

Kulipira mwezi ndi mwezi ndinasiya nditayesa kwa miyezi iwiri, chifukwa kunangochotsa chizindikiro cha kampani ndi zotsatsa malonda, koma nkhope sinaoneke bwino kuposa kale. Pa khadi limodzi la amayi, yaulereyo ikukwanirani. Loweruka likubwerali mubwere ndi zithunzi zawo zitatu zojambulidwa panja m'mawa, ndipo mufunse kaye amene adzabwereke thupi lake, kuti tidzakonzere limodzi kuno ku Matawale.