Anandipezera kachipangizo ka filiji pongoona zithunzi pa foni

Ndimagulitsa chambo ndi zakumwa zozizira ku Senga Bay, ndipo filiji yanga ya bokosi ndiyo imagwira bizinesi yonse. Mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika pachimake, inasiya kuziziritsa. Kompuresa inkangong'ung'udza pang'ono, kenako kumveka "tcha!" nkukhala zii, pakapita mphindi zingapo nkuyambiranso. Amisiri a pafupi nafe anachotsa kachipangizo kakuda kamene kamalowa m'mbali mwa kompuresa, komwe iwo amati rileyi, nkukagwedeza pa khutu. Kankachita phokoso ngati muli timiyala. Anati kambale ka m'kati kasweka, tipeze kena, koma ku Kamuzu Road, ku Salima, sitinakapeze kofanana.

Ndiye mnzanga anandipatsa nambala ya sitolo ina ya zipangizo za mafiliji ku Lilongwe. Ndemangayi ndi ya iwowo.

Ndinatumiza chithunzi chimodzi pa WhatsApp, bambo a m'sitolomo nkuyankha kuti, "Mayi, chithunzichi sitingagulitsirepo katundu, tijambulireni zina." Zinandinyansa, chifukwa nsomba zinali zitayamba kusungunuka ndipo ndinkaona ngati akundichedwetsa dala. Koma anafotokoza bwino. Marileyi ambiri maonekedwe ndi amodzi, kukula kumodzi, mtundu umodzi, pamene mphamvu yake ndi yosiyana. Alipo olembedwa 15, 22 kapena 33, ndiponso alipo a 4.7 omwe amapangira mayiko a magetsi a mavoti 110, pomwe kwathu kuno magetsi ndi a mavoti 230. Diso lokha silingasiyanitse, chimene chimanena zoona ndi nambala.

Apa ndi pamene ndinawakhulupirira. Nambala ya pa kachipangizo kanga ndi yongodinda pa pulasitiki yakuda, ndipo pa chithunzi simkaoneka kanthu chifukwa kuwala kwa kamera kunkathwanima pomwepo. Anandiuza kuti ndizimitse kuwala kwa kamera, ndipake choko pa malembawo nkupukuta pang'ono ndi chala, kenaka mwana aunike ndi tochi kuchokera cham'mbali. Malemba anatuluka poyera: QP2-15. Anafunanso chithunzi cha mbali imene kuli timano tolumikizira mawaya, poti ena amakhala ndi kamodzi, ena titatu kapena tinayi, ndipo kanga kanali ndi titatu. Chomaliza chinali cha pepala lomata pa kompuresa, pomwe pali nambala yake ndi mtundu wa gasi, R600a. Anati pepala limeneli ndilo limathandiza nambala ya pa kachipangizo ikapserera, komanso limaulula ngati mmisiri wina anaikapo kale kolakwika.

Anandifunsanso ngati tinajambula mawaya tisanawazule. Sitinajambule, ndipo amisiri anataya nthawi kufufuza kuti waya uti ulowa pati. Inu mukamachita zimenezi, zulani pulagi kukhoma, jambulani mawaya ali m'malo mwake, kenaka muchotse.

Asanalandire ndalama anatumiza chithunzi cha katsopanoko, nambala ikuoneka, kuti ndiyerekeze ndekha. Ndinalipira pa foni, iwo nkupatsira minibasi ya ku Salima. Amisiri atakalowetsa, kompuresa inadzuka nthawi yomweyo, ndipo pofika madzulo m'mbali mwa filiji munali mutayamba kuchita chisanu. Patha miyezi itatu tsopano, sinavutenso.

Zodandaula zilipo ziwiri. Analonjeza kuti katundu afika tsiku lomwelo, koma anamupereka ku minibasi m'mawa mwake, osandiimbira nkomwe, ine nditadikira pa siteji mpaka mdima. Nsomba zina ndinagulitsa motchipa usiku umenewo. Chachiwiri, sanandiuze msanga kuti pali kachipangizo kena kokhala pambali pa rileyi, kotchedwa ovalodi, komwe kamadula magetsi kompuresa ikatentha, ndipo ndi kamene kankalira "tcha!" kaja. Amisiri anati ndi bwino kusintha tonse tiwiri pamodzi poti kakale kanagwira ntchito yakalavulagaga masiku amenewo. Ndikanadziwa ndikanagula ulendo umodzi, koma ndinalipiranso minibasi kachiwiri.

Chinthu chimodzi a sitolowo anandichenjeza mosabisa, ndipo ndikuwayamikira: chithunzi chimangosonyeza kachipangizo koyenera, sichinena ngati kompuresa ili moyo. Ikakhala yopsa, rileyi yatsopano singaidzutse, mwina nayonso nkupsa. Anati amisiri ayambe ayeza timano titatu ta pa kompuresa ndi mita ndisanatumize ndalama, ndipo anadikira mpaka titawayankha kuti ili bwino.

Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndachotsera usiku uja wa pa siteji.