Kalampu ka sola ka batire ya lifiyamu kapena kiti ya sola ya batire ya ledi asidi?

Ambiri timathamangira nambala yaikulu pabokosi, koma 4000mAh ndi 7Ah simungaziyerekeze musanaone mavoti. Chulukitsani Ah ndi V mupeze Wh, ndiye mphamvu yeniyeni imeneyo.

Kalampu kolembedwa 4000mAh, yomwe ndi 4Ah, pa 3.7V kamasunga pafupifupi 15Wh, ndiye babu ya 2W iwala maola ngati 7, mukatchajirakonso foni maolawo atsika kwambiri. Kiti ya 12V 7Ah ili ndi 84Wh, koma ngati batire yake ndi ya ledi asidi, ija yolemera ngati njerwa, muzigwiritsa theka lokha, 42Wh basi, chifukwa mukamaikama mpaka kuzimiratu tsiku ndi tsiku imafa msanga, mudzangoona ikudzadza mwachangu kenako n'kutha isanakwane ola. Theka limenelo liyatsa mababu atatu a 2W maola 7.

Onaninso panelo. Ya 5W padzuwa labwino la maola 5 singapitirire 25Wh, ndiye 42Wh ija siibwerera tsiku limodzi.

Chipinda chimodzi, kalampu kakwanira. Nyumba yonse, ine ndingasankhe kiti yolembedwa LiFePO4, mtundu wa batire ya lifiyamu, ngakhale imadula, imapirira kutsitsidwa kwambiri ndipo imakhalitsa zaka.