CodeFormer pa chithunzi cha gulu cha agogo anga: nkhope inawala, koma sanali iwo

CodeFormer, pulogalamu ya pakompyuta yokonza nkhope zosaoneka bwino pa zithunzi, ndikuipatsa nyenyezi 3 mwa 5. Ndaigwiritsa ntchito pafupifupi milungu itatu pa zithunzi za pabanja pathu, ndipo ndaona kuti imathandiza pamene nkhope ikuoneka kale koma yangochita mbuu. Pa tinkhope ting'onoting'ono ta m'chithunzi cha gulu ndi pomwe muyenera kusamala kwambiri, chifukwa imakupatsani munthu wokongola amene mwina sanakhalepo padziko pano.

Chomwe chinandifikitsa pa pulogalamuyi ndi chiliza cha agogo aakazi, amayi awo a bambo anga. Abale anagwirizana kuti pa nsalu ndi pa pepala la mwambo pakhale nkhope yawo, ndiye ntchito yopeza chithunzi inagwera ine. Chithunzi chomwe chinapezeka ndi chimodzi chokha, cha amayi a Mvano atasonkhana panja pa tchalitchi, anthu 31 m'mizere itatu, onse atavala maduku oyera. Agogo ali mumzere wakumbuyo, achinayi kuchokera kumanzere. Pepala lake ndi la masentimita 13 m'litali, ndipo nkhope yawo nditaiyeza ndi lula ndinapeza mamilimita 4 okha m'lifupi.

Poyamba ndinalibe pepala lenilenilo. Msuweni wanga analijambula ndi foni lili pa tebulo n'kunditumizira pa WhatsApp. Pepalalo linangotenga theka la chithunzi, kwina konse kunali tebulo, ndipo nditakuza ndinawerenga timadontho ta mapikiselo pafupifupi 24 kuchokera tsaya lina kufika lina. Maso anali timadontho takuda tiwiri, pakamwa kamzere.

CodeFormer inatuluka mu 2022, yopangidwa ndi ofufuza a ku Nanyang Technological University ku Singapore, ndipo ndi yaulere pa ntchito zomwe si zamalonda. Amene muli ndi malo ojambulira anthu zithunzi muwerenge kaye chilolezo chake. Ine ndinaiika pa laputopu, zithunzi zanga n'kuziika mufoda yotchedwa `zithunzi`, ndipo lamulo lomwe ndinayamba nalo ndi ili:

```
python inference_codeformer.py -w 0.5 --input_path zithunzi
```

Imayamba yafufuza nkhope zonse m'chithunzi, kenako imadula iliyonse, kuiwongola ndi kuikuza kufika pa mapikiselo 512 m'litali ndi 512 m'lifupi. Ikatero imaikonza n'kuimata pamalo pake. Tangowerengani nokha. Nkhope ya agogo inali ndi timadontho 24 kuchulukitsa ndi 24, zomwe ndi 576. Yomwe inatuluka ili ndi 262,144. Ndiye kuti pa kadontho kalikonse kochokera kwa agogo, pulogalamuyi inayenera kudzaza ena oposa 450. Enawo imawatenga ku zomwe inaphunzira pa nkhope 70,000 za m'gulu lotchedwa FFHQ, zithunzi zotengedwa pa webusaiti ya zithunzi ya Flickr. Ili ndi kankhokwe ka tizidutswa 1,024 ta maonekedwe a nkhope, ndipo ntchito yake ndi kulingalira tizidutswa tomwe tikugwirizana ndi chimbuuzi chomwe mwaipatsa. Agogo anga siinawaonepo. Imangopanga nkhope yoti mutaichepetsanso ingafanane ndi timadontho 576 tija, ndipo nkhope zotere zilipo zambirimbiri.

Zomwe zinatuluka zinandisangalatsa poyamba, sindinama. Maso owala, nsidze zooneka tsitsi lililonse, khungu losalala. Ndinakhala ndikuyang'ana chithunzicho kwa nthawi yaitali mtima ukugunda, chifukwa agogo anatisiya ndili wamng'ono ndipo nkhope yawo sindiikumbuka bwino. Apa ndiye pali ngozi yeniyeni: amene akukonza chithunzi nthawi zambiri ndi mdzukulu, munthu amene sangadziwe ngati chalakwika.

Ndinapita nacho kwa azakhali, mwana wawo woyamba wa agogo. Anavala magalasi, n'kuyandikiza foni kumaso, kenako anaibweza.

"Iwe, amenewa ndi ndani?"

"Ndi agogo, azakhali. Ndangochikonza kuti chioneke bwino."

"Ayi mwanawe. Amayi anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolowa, ndipo anali ndi mphini m'masaya. Diso lakumanzere linali laling'ono. Awa ndi mayi wabwino ndithu, koma si amayi anga."

Ndinabwerera kunyumba n'kutsegula mafoda awiri omwe pulogalamuyi imasunga, `cropped_faces` ndi `restored_faces`. Woyambawo uli ndi nkhope momwe inaidulira isanakonzedwe, wachiwiriwo uli ndi yokonzedwa. Aliyense wogwiritsa ntchito CodeFormer aziyang'ana mafoda awiriwa mbali ndi mbali, asamangothamangira ku `final_results`, komwe kumakhala chithunzi chonse chomalizidwa. Nditatero ndinaona zomwe azakhali ankanena. Pa yodulidwayo pakamwa panali kadontho kakuda pakati, ndipo pulogalamu inakaona ngati litsiro n'kuika mano ofanana bwinobwino. Maso inawalinganiza. Makwinya inawachepetsa moti mayi wa zaka za m'ma 60 anaoneka ngati wa zaka 40. Khungu nalonso linayererako pang'ono kuyerekeza ndi la m'manja mwawo, lomwe silinakhudzidwe. Za mphini sindingaiimbe mlandu, chifukwa pa timadontho 24 sizinkaoneka n'komwe.

Chinanso chomwe ndinazindikira pambuyo pake ndi mzere wonse wakumbuyo. Amayi aja, ochokera m'mabanja osiyanasiyana, anatuluka ofanana ngati apachibale: mphuno imodzi, milomo imodzi, kamwetulidwe kamodzi. Mukaona zimenezi pa chithunzi chanu cha gulu, dziwani kuti pulogalamu yasiya kuwerenga chithunzi, ikungotenga za m'nkhokwe yake. Mayi wina m'mphepete mwa duku lake munasanduka tsitsi, wina chithunzithunzi cha pansi pa maso chinasanduka mkombero wa magalasi omwe sanavale. Nkhope ziwiri zomwe zinayang'ana kumbali sinazipeze n'komwe, ndiye zinatsala zambuu pakati pa zinzake zowala.

Vutoli si la CodeFormer yokha. Mu 2020 anthu anayesa pulogalamu ina yotchedwa PULSE ndi chithunzi chosaoneka bwino cha Barack Obama, ndipo inatulutsa nkhope ya mzungu. Ndinayesanso pulogalamu ina yokonza nkhope yotchedwa GFPGAN, yomwe inatuluka mu 2021, ndipo nayonso inawasalaza agogo n'kuwachotsa zaka.

Chomwe CodeFormer ili nacho chabwino ndi nambala ija ya `-w`, yomwe imayenda kuchokera pa 0 kufika pa 1. Ikakhala yotsika, pulogalamu imadalira kwambiri nkhokwe yake, chithunzi chimatuluka chowala koma chimatalikirana ndi mwini wake. Ikakhala yokwera, imatsatira kwambiri chomwe mwaipatsa, ndipo chimbuuzi china chimatsala. Ndinayesa 0.3, 0.5, 0.7 ndi 0.9. Pa 0.3 anali mlendo weniweni. Pa 0.9 diso lakumanzere linabwerera kukhala laling'ono ndipo pakamwa panaoneka kamthunzi, koma nkhope yonse inali ngati yopakidwa phala. Palibe nambala yomwe inabweretsa mphini.

Pofuna kudziwa malire ake, ndinachita kanthu kena komwe ndikulimbikitsa aliyense asanakhulupirire pulogalamu yamtunduwu. Ndinatenga chithunzi chabwino cha mchemwali wanga, munthu amene ndimamuona tsiku ndi tsiku, n'kuchichepetsa katatu: nkhope ya mapikiselo 24, ya 48 ndi ya 96 m'lifupi. Zonse ndinazikonza pa 0.7. Ya 96 inatuluka iye ndithu, kungoti kachipsera ka pachibwano kanazimiririka. Ya 48 inali ngati msuweni wake, wofanana naye koma osati iye. Ya 24 ana ake omwe sanamuzindikire. Izi ndi zomwe ndinaona ine pa chithunzi chimodzi, koma zinandikwanira kudziwa kuti chithunzi cha pa WhatsApp chija sichikanandifikitsa kulikonse.

Choncho ndinakwera minibasi kukatenga pepala lenilenilo, n'kukalisikana pa madontho 600 pa inchi. Mamilimita 4 aja anapereka mapikiselo pafupifupi 94. Ndinayesanso pa 1200, koma sizinaonjezere kanthu kupatula timibulu ta pepalalo, chifukwa sikana singatulutse zomwe pepala lilibe. Ngati simungathe kukatenga pepala, muuzeni wojambulayo ayandikire mpaka pepala lidzaze foni yonse, ajambulire pamthunzi panja, ndipo atumize ngati fayilo ya `Document` kuti WhatsApp isachifinye. Zimenezi zokha zinandipindulira kuposa kusinthasintha nambala kwa masiku atatu.

Ndi chosikanacho, pa `-w 0.9`, mpata wa mano unaoneka, diso laling'ono linakhalapo, ndipo makwinya ambiri anatsala. Mzere wakutsogolo, womwe nkhope zake zinali zazikulupo, unatuluka bwino kwambiri, moti mayi wina yemwe akadali moyo anadziloza yekha n'kutchula anzake asanu mosakayika. Apa ndi pomwe pachokera nyenyezi zanga zitatu. Pa zithunzi zina za ukwati, zomwe munthu ali yekha kapena awiri ndipo changochita mbuu chifukwa cha kukalamba, inagwira ntchito yomwe ineyo sindikanaitha.

Nyenyezi ziwiri ndachotsa chifukwa pulogalamuyi siikuchenjezani. Nkhope yomwe yaikonza kuchokera pa timadontho 24 imaitulutsa yowala mofanana ndi yomwe yachokera pa 200, popanda chizindikiro chosonyeza kuti iyi yangolingalira. Ndikanakonda ikanamalemba kukula kwa nkhope iliyonse isanaikuze. Pa chifukwa chomwechi, chithunzi chotere chisagwiritsidwe ntchito pofuna kuloza munthu, kaya ndi pa nkhani ya kuba, pa mkangano wa m'banja kapena pofunafuna wachibale wosowa. Mukhoza kuloza munthu wosalakwa amene wangofanana ndi nkhope yopeka. Ndipo chithunzi chikangolowa m'gulu la banja pa foni, patapita zaka zochepa palibe adzakumbukire kuti chinakonzedwa. Ndi chifukwa chake mafayilo onse okonzedwa ndinawalemba mawu oti "chokonzedwa ndi kompyuta" pansi pake, ndipo chosikana choyambirira ndinachisunga padera osachikhudza.

Tsiku losankha ndinasindikiza zithunzi ziwiri, chokonzedwa pa 0.9 ndi chosikana chomwe ndinangochikuza n'kuchiwalitsa pang'ono popanda CodeFormer. Sindinawauze azakhali kuti ichi ndi chiti. Anayang'ana zonse ziwiri, ndipo anati chokonzedwacho tsopano chikufanana nawo, koma maso akuyang'ana mwachilendo. Kenako anaika chala pa chambuu chija n'kunena kuti, "Awa ndiye amayi. Muike chomwechi." Pa nsalu ya chiliza tinaika chimenecho.