Apu yolembera ngongole: nyenyezi ziwiri, ndipo a foni zakale musathamangire Clear data

Ndili ndi golosale ku Area 25, ndipo makasitomala anga ambiri ndi olandira pakutha pa mwezi. Shuga, mafuta ophikira, sopo, ufa, zonsezi amatenga pangongole n'kudzalipira malipiro akatuluka. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikulemba ngongolezi mu apu iyi, ndipo sindinama, inandithandiza. Imawonkhetsa yokha, imasonyeza tsiku limene munthu anatenga katundu, ndipo mikangano ya "ine sindinatenge mafuta" inatheratu pakauntala panga. Ikanakhala ndemanga ya chaka chatha ndikanapereka nyenyezi zisanu. Lero ndikupereka ziwiri, chifukwa cha apudeti yomaliza ndi malangizo amene eni ake anandipatsa nditadandaula.

Apudetiyo inalowa yokha usiku foni ili pa Wi-Fi ya kwa achemwali anga ku Area 47. M'mawa ndili kugolosale, bambo wina wabwera kudzalipira, ndadina apu. Chizindikiro chake chinaoneka kamphindi, sikirini n'kuyera, kenaka ndabwerera pamene ndinayambira. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu panabwera uthenga wa "keeps stopping" ndi batani la "Close app". Bamboyo anaima ndi ndalama m'manja, ine osadziwa kuti ngongole yawo ndi zingati. Tinagwirizana kuti abwerenso madzulo.

Ndinayamba ndi zimene aliyense amachita. Kuzimitsa foni n'kuyatsanso, palibe chinasintha. Malo mufoni analipo, opitirira 2 GB, choncho silinali vuto la kudzaza. Ndinalowa mu Settings, Apps & notifications, n'kusankha apuyo, n'kudina Force stop, kenaka Storage. Pamenepo pali mabatani awiri oyandikana, Clear cache ndi Clear data, ndipo ine ndinadina Clear cache yokha. Sizinathandize, koma sindinataye kanthu.

Mabatani awiriwa ndi osiyana kwambiri, ndipo kusiyana kwake ndi kumene kwandilembetsa ndemangayi. Clear cache imachotsa tizinthu timene apu imasunga mongoyembekezera kuti izitseguka msanga, monga zithunzi zimene inatsitsa kale. Ili ngati kusesa pakhonde la golosale. Clear data, imene pa foni zatsopano imalembedwa kuti Clear storage, imabwezera apu mmene inalili tsiku loyamba. Imakutulutsani mu akaunti, imafufuta zimene munasankha, ndipo chilichonse chimene apuyo inasunga mufoni momwemo chimapita. Chimene chimapulumuka ndi chokhacho chimene chinatumizidwa kale ku seva ya eni apu. Palibe batani lobwezera.

Ndinalembera a chisamaliro cha makasitomala masana omwewo. Anayankha msanga, pasanathe ola, ndipo pa chimenechi ndiwayamikire. Yankho lake linali mizere iwiri: ndichite Clear data, zikakanika ndichotse apu n'kuyiikanso. Ndinafunsa mwachindunji ngati ngongole zanga zidzakhalapo. Anati zonse zimasungidwa pa akaunti yanga. Sanafunse mtundu wa foni, sanafunse Android imene ndili nayo, sanafunsenso tsiku limene ndinasunga zinthu pa intaneti komaliza.

Ndinawakhulupirira, ndinadina Clear data. Foni inachenjeza kuti zonse za apuyo zifufutidwa, ine n'kuvomera. Apu inakanabe kutseguka, chimodzimodzi ngati m'mawa. Ndinayichotsa, n'kugula bandulo, n'kuyitsitsanso ku Play Store, pafupifupi 60 MB. Itamaliza kulowa ndinadina, sikirini yoyera ija, n'kutsekeka.

Apa ndi pamene ndinayenera kuima n'kuganiza, ndipo inu muime pamenepa. Clear data ndi kuikanso apu zimachiza matenda amodzi okha, pamene zimene zasungidwa mufoni zasokonekera kapena sizikugwirizana ndi apu yatsopano. Ngati apu yongotsitsidwa kumene, yopanda kanthu m'kati, ikufa musanalembe n'komwe nambala yanu ya foni, ndiye kuti vuto silili mu zimene munasunga. Lili pakati pa apuyo ndi foni yanuyo. Mungayiike kakhumi, Play Store izikupatsani yomweyo yofayo, inu n'kumangotha bandulo.

Amene anandimasulira zimenezi ndi mnyamata wokonza mafoni ku Old Town, kufupi ndi depoti. Nditamufotokozera, sanatsegule n'komwe apuyo. Anangoti, "Mayi, tione kaye Android yanu." Analowa mu Settings, System, About phone, n'kundionetsa mzere wa Android version: 8.1.0. Anandiuza kuti imeneyi ndi Oreo, ya mu 2017. Foniyo ndinaigula yatsopano patapita zaka ziwiri kuchokera pamenepo, ndipo mpaka lero batire yake imatha tsiku lonse, n'chifukwa chake sindinkaiwerengera kuti ndi yakale. Koma zaka za foni, kwa opanga maapu, siziwerengedwa kuyambira tsiku limene munaigula. Amayang'ana nambala ya Android.

Kenaka anatsitsa apu yomweyo pa foni yake, ya Android 12. Inatseguka bwinobwino. Apu imodzi, nambala ya Version imodzi, netiweki imodzi, tili pabenchi limodzi. Yake ikugwira, yanga ikufa. Kuyesa kumeneku sikunatenge mphindi zisanu, ndipo ndi kumene kunayankha funso limene ndinavutika nalo masiku awiri.

Ndinamufunsa ngati sitingakweze Android yangayo. Anadina System update, foni n'kuyankha kuti "Your system is up to date". Ine ndinasangalala, kuganiza kuti ndiye zili bwino. "Ayi mayi," anatero, "apa ikungonena kuti amene anapanga foniyi alibenso china choti akupatseni. Sikuti muli ndi Android yatsopano." Foni zambiri zotchipa zimene timagula kuno zimakhala pa Android imene zinabwera nayo mpaka kufa kwake. Mawu amenewo asakupusitseni, pitani mukaone nambala yeniyeniyo.

Tsopano pamene ndakwiyira eni apu ndi apa. Mu Play Store, mukatsegula tsamba la apu n'kudina About this app, m'munsi muli mzere wa Required OS, umene umanena Android yotsikitsitsa imene apuyo imalola. Tsiku limenelo panalembedwa kuti "Android 8.0 and up". Malinga ndi mawu awo omwe, foni yanga inali yololedwa. Mnyamatayo anandifotokozera kuti nambala imeneyo amaika ndi opanga apu, ndipo Play Store imangoitsatira. Akanaikweza asanatulutse apudeti, foni yanga sikanalandira apudetiyo n'komwe, ikanatsala ndi apu yakale imene inkagwira ntchito. Iwo anatulutsa chinthu chimene chimafa pa Android 8, n'kusiya chitseko chotsegula kuti chilowe mufoni zathu. Ndikukhulupirira kuti sanachiyese pa foni ngati yanga.

Patatha sabata ziwiri ndinayang'ananso. Mzere uja unali utasintha kukhala "Android 9 and up". Sanakonze vutolo, anangotitsekera kunja, ndipo sanatumize uthenga uliwonse kutidziwitsa. Kampani ili ndi ufulu wosiya kuthandiza foni zakale, zimenezo ndikuzimvetsa. Koma ukhoza kuchenjeza anthu mwezi umodzi zisanachitike, kuti asunge zinthu zawo ndi kukonzekera. Kwa amene muli pa Android 8 ndipo apu yakale ikugwirabe pa foni yanu, musaichotse. Mukaichotsa lero, mukapeza mawu oti "Your device isn't compatible with this version" pamalo pa batani la Install.

Za ngongole zanga. Tinalowa mu akaunti yanga pa foni ya mnyamatayo, ndipo mayina onse anabwera, mtima wanga n'kukhala pansi. Koma nditayang'ana masiku, cholembedwa chomaliza chinali cha masiku 9 apudeti isanalowe. Apuyi imatumiza zinthu ku seva pokhapokha data ili yoyatsa pamene mwaitsegula, ndipo ine kugolosale nthawi zambiri data ndimazimitsa kuti bandulo ifike kumapeto kwa sabata. Usiku wa Wi-Fi uja apuyo sindinaitsegule. Masiku 9 amenewo anali mufoni mokha, ndipo anapita pamene ndinadina Clear data. Apu inali kufa potseguka, inde, koma zolembazo zinali zikadali m'kati mwake, ndipo akanatulutsa apudeti yokonza zikanabwerera. Kunali pakati pa mwezi, nthawi imene anthu amatenga pangongole kwambiri. Ndinakhala pansi ndi kope kukumbukira, n'kumafunsa makasitomala mmodzimmodzi. Ambiri ananena zoona, ena anaiwaladi. Mwa kuwerengera kwanga ndataya ndalama zosachepera K40,000, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri ndi kufunsa mayi wachikulire amene wakhala akugula kwa ine zaka zambiri kuti, "Amayi, kodi munatenga chiyani sabata yatha?" ngati ndikuwakayikira. Tisanasiyane ndi mnyamata wokonza mafoni uja ndinaonetsetsa kuti tatuluka mu akaunti yanga pa foni yake ndipo apuyo waichotsa, popeza muli mayina ndi ngongole za anthu.

Wina pamsika pomwepo anandiuza kuti angandiikire apu yakale kuchokera pa fayilo ya APK, yoikira apu osadzera ku Play Store. Mnyamata wokonza uja anati zimatheka, koma Android sikulola kuika yakale pamwamba pa yatsopano, imangoti "App not installed", choncho uyenera kuchotsa kaye ilipoyo pamodzi ndi zonse zili m'kati. Anawonjezera kuti fayilo yochokera pa webusayiti yosadziwika sungadziwe chimene aikamo. Mufoni yomweyo ndi mmene ndimalandirira ndalama za makasitomala, ndiye ndinakana.

Chimene ndasintha ndi chimodzi. Mu Play Store, pa tsamba la apu iliyonse, pali timadontho titatu kumwamba kudzanja lamanja, ndipo mukadina mumaona Enable auto update. Pa maapu amene bizinesi yanga imadalira ndachotsa chizindikiro pamenepo. Apudeti ikabwera ndimadikira masiku angapo, ndimawerenga ndemanga zatsopano kuona ngati a foni ngati yanga akulira, ndimaonetsetsa kuti zonse zatumizidwa ku seva, kenaka ndimaiika ndekha Lamlungu golosale ili yotseka. Sindisiya osaika mpaka kale, chifukwa maapudeti ena amatseka mipata ya akuba.

Kwa eni apu, pempho langa ndi laling'ono. Munthu akakulemberani kuti apu ikufa potseguka, funso loyamba likhale la Android version, lachiwiri likhale la tsiku limene zinthu zake zinasungidwa komaliza pa intaneti. Clear data ibwere pambuyo pa mafunso awiriwo, ndipo muzinena poyera chimene ifufute. Ndinakulemberaninso kufotokoza za masiku 9 aja, ndipo yankho limene ndinalandira linali lomwe lija la mizere iwiri.

Kwa amene muli ndi Android 9 kupita m'tsogolo, apuyi ndi yabwino ndithu, bola muziyatsa data madzulo aliwonse n'kuitsegula kuti itumize zolemba za tsikulo. Ine pakadali pano ngongole ndikulemba mu kope lachikuto cholimba limene limakhala pansi pa kauntala, pamene ndikusunga ndalama za foni ina.