Unyolo wa `cmp`, tebulo lodumphira ndi tebulo la mayankho: lina linandiluma

Anzanga amene timalemba nawo khodi ya asembule akhala akundifunsa funso limodzi lomwelomwe: unyolo wa `cmp` ndi `je` ukatalika, ndi tebulo liti loyenera kuulowa m'malo? Ndatopa ndi kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndiyankhe pano kamodzi. Zitsanzo zonse ndi za x86-64 ndipo ndazilemba mwa kalembedwe ka NASM.

Tiyerekeze kuti pulogalamu yanu imawerenga baiti imodzi kuchokera ku chipangizo china, ndipo baitiyo ndi lamulo, kuyambira 0 mpaka 7. Unyolo umafunsa mmodzimmodzi: kodi ndi 0? kodi ndi 1? Lamulo la 7 limadikira mafunso 8 lisanayankhidwe. Palibe chachilendo apa. Koma musaunyoze msanga, chifukwa ngati lamulo limodzi ndilo limabwera pafupifupi nthawi zonse, mukangoliika poyamba, purosesa imazolowera njirayo ndipo unyolowo umathamanga bwino ndithu.

Tebulo lodumphira limasunga maadiresi a khodi. Baiti ija imakhala indekisi, purosesa imatenga adiresi yomwe ili pamalo amenewo n'kudumphira komweko. Kaya malamulo ndi 8 kapena 200, masitepe ake ndi omwewo. Ine ndinalikonda kwambiri mpaka tsiku lomwe ndinalemba izi:

```
movsx rax, byte [rsi]
cmp   rax, 7
jg    .cholakwika
lea   rdx, [rel tebulo]
jmp   [rdx + rax*8]
```

Ukaziyang'ana zikuoneka zaukhondo, mlonda ali pakhomo, nambala yoposa 7 siilowa. Pulogalamuyo inayenda bwino masabata angapo. Kenako inayamba kugwa mwa apo ndi apo, komanso malo omwe inkagwera sankagwirizana n'komwe ndi khodi yowerenga malamulo. Ndinataya masiku awiri ndikufufuza mbali yosalakwa.

Chomwe chinkachitika ndi ichi. Chingwe cha chipangizocho nthawi zina chinkatumiza baiti yowonongeka, `0xF0`. Imeneyi ndi 240, koma `movsx` imaona biti yapamwamba ngati chizindikiro cha nambala yochepera ziro, choncho mu `rax` munkalowa -16. Nayo `jg` imayerekeza molemekeza chizindikirocho, ndiye -16 siyoposa 7. Mlonda anatsegula chitseko. Kuchulukitsa -16 ndi 8 kumapereka -128, kutanthauza kuti purosesa inkawerenga adiresi pa mabaiti 128 tebulo langa lisanayambe. Pamalo amenewo panali tebulo lina lodumphira la mbali ina ya pulogalamu yomweyo. Adiresiyo inali yeniyeni, khodi yake yeniyeni, koma marejisita anali ndi zinthu za ntchito ina. Bola ikanagwera pomwepo ndikanaigwira tsiku lomwelo. Iyo inkayamba yagwira ntchito yolakwika mwakachetechete, n'kukagwera kutali.

Ndinaigwira nditaimitsa pulogalamu mu `gdb` pa `jmp` penipeni n'kulemba `info registers rax`. Nditangoona `0xfffffffffffffff0` ndinadziwa kuti wakuba ndi wa m'nyumba momwemo. Mukaona zilembo `f` zambirimbiri mu rejisita ya indekisi, musafufuzenso kwina. Kukonza kwake kunali mawu awiri okha:

```
movzx eax, byte [rsi]
cmp   eax, 7
ja    .cholakwika
```

`movzx` imadzaza maziro kumtunda, ndipo kulemba mu `eax` kumafufutiratu theka lapamwamba la `rax`. `ja` siilabadira chizindikiro, moti ngakhale -16 italowa mwanjira ina, imaoneka ngati nambala yaikulu zedi n'kukanidwa. Samalaninso ndi `mov al, [rsi]`, chifukwa imeneyi imasiya zinyalala zakale m'mabiti apamwamba a `rax`. Mukayeza `al` yokha n'kudumpha ndi `rax` yonse, mwagwa m'dzenje lomwelija. Unyolo wa `cmp` ulibe msampha wotere: baiti yachilendo imangodutsa mafunso onse n'kukathera pa cholakwika.

Pali msonkho winanso womwe okonda tebulo lodumphira sakonda kuutchula. Purosesa imalosera komwe `jmp` ipite isanawerenge tebulo. Malamulo akamabwera mosakanikirana, popanda kachitidwe kobwerezabwereza, imalosera molakwa kawirikawiri, ndipo kulakwa kulikonse kumadya masaiko 15 mpaka 20 pa mapurosesa ambiri a masiku ano. Chiyambire pamene vuto la Spectre, lomwe limaulula zinsinsi kudzera mu kulosera kwa purosesa, linalengezedwa mu 2018, khodi yotetezedwa ndi `retpoline`, njira yoletsa purosesa kulosera komwe `jmp` yotere ipite, imalipira kwambiri pa kudumpha kwa mtundu umenewu, mpaka Linux ikamangidwa ndi chitetezocho imauza kompaila `-fno-jump-tables`. Ganizani, kenelo yathunthu kubwerera ku kuyerekeza.

Za kukula ndingodutsapo. Adiresi iliyonse ndi mabaiti 8. Ngati manambala anu ndi 1, 100 ndi 5000, tebulo lifuna malo 5001, mabaiti oposa 40,000, chifukwa cha njira zitatu zokha. Pamenepo unyolo wapambana popanda mkangano. Ndipo mukalemba `jmp [tebulo + rax*8]` mwachindunji, pulogalamu ya PIE, yomwe imatha kuikidwa pa adiresi iliyonse, ikana kulumikizika ndi uthenga wotchula `R_X86_64_32S`. N'chifukwa chake ndinayamba ndi `lea` m'chitsanzo chija.

Tsopano lomwe ndimalidalira, tebulo la mayankho. Ili silisunga maadiresi, limasunga yankho lenilenilo. Maunyolo ambiri omwe ndawaonapo, ukawawerenga bwino, nthambi iliyonse imangoika nambala mu rejisita n'kubwerera pamalo amodzi. Ngati zili choncho, kudumpha n'kwa chiyani? Tengani funso lakuti lamulo lililonse limatsatiridwa ndi mabaiti angati:

```
movzx eax, byte [rsi]
lea   rdx, [rel utali]
movzx ecx, byte [rdx + rax]
```

Palibe kudumpha, ndiye palibe choti purosesa ilosere molakwa. Mukapanga tebulolo la malo 256, simufunikanso mlonda, chifukwa baiti singapose 255. Malo onse osagwiritsidwa ntchito mumangoikamo chizindikiro chakuti lamulolo ndi losadziwika, monga `0xFF`, ndipo `0xF0` yanga ija ikanakathera pamenepo. Tebulo lonse ndi mabaiti 256, mizere 4 yokha ya kashe ya mabaiti 64. Lodumphira la malo 256 likanadya mabaiti 2048, mizere 32. Ngakhale mutalakwitsa indekisi, chomwe mwatola ndi nambala yolakwika, purosesa sinasochere kukayendetsa khodi ya eni.

Nalo lili ndi malire ake. Limathandiza pokhapokha nthambi zikusiyana pa nambala yomwe zimatulutsa. Ngati lamulo lina limatsegula fayilo pomwe lina limatumiza uthenga, tebulo la mayankho silingakuchitireni ntchitoyo. Komanso m'khodi yobisa zinsinsi silifunika ngati indekisi ikuchokera ku kiyi, chifukwa nthawi yomwe kashe imatenga poyankha imaulula malo omwe awerengedwa. Matebulo a AES anagwidwapo motere.

Ndiye anzanga, nthambi zikakhala zitatu kapena zinayi, kapena manambala ali patalipatali, siyani unyolo momwe ulili. Zikakhala zambiri koma zongotulutsa nambala, tengani tebulo la mayankho musazengereze. Lodumphira ndimaligwiritsabe ntchito, koma sindilipatsanso baiti yochokera kunja mwachindunji. Baitiyo imayamba yadutsa m'tebulo la mayankho la malo 256, lomwe limaisandutsa nambala ya 0 mpaka 8, pomwe 8 ndi njira ya cholakwika. Nambala imeneyo ndi yomwe imafika pa `jmp`, ndipo tebulo lodumphiralo limakhala la malo 9, mabaiti 72 basi.