Chigumula cha ma alamu: kukonza dedibandi, kushelevu, kusapuresa kapena kukhala pansi ndi alamu iliyonse?

Anzanga amene muli m'ma kontirolo rumu a kuno ku Joni, kaya ku Wadeville, Isando, Germiston, mukudziwa zomwe zimachitika kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya mabingu ija ikamabwera chakumasana. Mphezi ikangomenya penapake magetsi amaphethira osakwana ndi sekondi yomwe, ma kontakita agwa, mapampu atiripa, nde sikirini yonse yafiira, opareta chala chili pa ACK basi osawerenganso zomwe akuvomerazo. Mawa lake mitingi, aliyense ndi mankhwala ake. A insitirumenti akuti tikonze ma dedibandi, opareta akuti tipatseni mphamvu yoshelevu, injiniya wa sisitemu akuti tilembe lojiki yosapuresa, a sefite akuti rashonalaizeshoni. Zonsezi ndi zenizeni koma sizichiza matenda amodzi, ndipo pamene mapulanti ambiri amataya ndalama mpomwepa.

Tigwirizane kaye kuti chigumula ndi chani. Muyezo wa ISA-18.2 umati opareta mmodzi akalandira ma alamu opitirira 10 pa mphindi 10, chigumula chayamba, ndipo chimatha akatsika kufika pansi pa 5 pa mphindi 10. Pulanti ikamayenda bwinobwino, buku la EEMUA 191 lomwe linatuluka koyamba mu 1999 limafuna pafupifupi alamu imodzi pa mphindi 10. Nde apa pali mavuto awiri osiyana: phokoso la tsiku ndi tsiku, ndi chigumula cha nthawi imene chinthu chatiripa. Mutha kuthetsa loyambalo lachiwiri lili chilili.

Titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho. Thanki ya makyubiki mita 50, madzi akulowa makyubiki 60 pa ola, kutanthauza kyubiki imodzi pa mphindi. Pampu P-101 imatulutsa, levo imakhala pa 60 peresenti, alamu ya levo yokwera ili pa 80, thanki imasefukira pa 100. Pampu ikatiripa pakubwera alamu ya tiripi, ina yoti mota inalamulidwa kuyenda koma sikuyenda, pulesha yatsika, pulesha yatsikitsitsa, fulo yatsika, karenti ya mota yatsika, madzi oziziritsa silo ya pampu asiya. Ma alamu 7 pa nkhani imodzi. Magetsi akagwetsa mapampu asanu oterewa nthawi imodzi ndi 35 mphindi isanathe. Koma alamu yomwe ingakuchotsetseni ntchito ndi ya levo ija, imene imabwera mwakachetechete patatha mphindi 10, ikubisala pakati pa zinzake zofiira, ndipo ikalira mwatsala ndi mphindi 10 zina basi, chifukwa 20 peresenti ya thanki imeneyi ndi makyubiki 10.

Njira yotchipa kwambiri ndi ya a insitirumenti ija. Mumakoka lipoti la mwezi, kusanja ma alamu kuyambira yolira kwambiri, nkugwira 10 kapena 20 apamwambawo. Nthawi zambiri mupeza kuti ochepa amenewa ndi amene akudzaza listi yonse. Ambiri ndi aja ongoti lowu-tulu, alamu yolira katatu kapena kuposa pa mphindi imodzi chifukwa levo ikugwedezeka pa malire penipeni. Mankhwala ake ndi dedibandi: alamu ilire pa 80 koma isazime mpaka levo itatsika kufika pa 75. Poyambira pomwe anthu amagwiritsa ntchito ndi 5 peresenti pa fulo ndi levo, 2 pa pulesha, 1 pa tempurecha, kenako nkuwonjezera kadileyi ngati pakufunika. Ntchito ya masabata ochepa, sigula chilichonse, ndipo girafu ya ma alamu a pa tsiku imagwa mpaka bwana kumwetulira. Ine ndimati yambirani pomwepa nthawi zonse. Koma bwererani ku P-101 ija: ma alamu 7 aja palibe ngakhale imodzi yomwe ikugwedezeka, onse ndi oona, pulesha yatsikadi, fulo yatsikadi. Dedibandi siwakhudza nkomwe. Komanso samalani ndi dileyi, mukaika masekondi 60 pa alamu ya levo ija mwadya mphindi imodzi pa mphindi 10 za opareta. Pa thanki iyi zipirika, pa diramu ya boila ayi ndithu.

Kushelevu ndi kwina. Uku opareta amachotsa alamu pa listi kwa nthawi yoikika, mwina mpaka kutha kwa shifiti, kenako imabwerera yokha. Nkwabwino pamene tiransimita yapenga usiku, wa sitendibai ali ku Tembisa ndipo safika mpaka m'mawa. Bola pakhale malire a nthawi, chifukwa chilembedwe, ndipo olowa shifiti aone listi ya zoshelevedwa polandirana ntchito. Pa chigumula sikuthandiza, palibe munthu angashelevu ma alamu 35 kwinaku akudzutsa mapampu. Ndipo mukaona tagi yomweyomweyo ikushelevedwa shifiti iliyonse mwezi wonse, imeneyo ndi jobu kadi yomwe palibe anailemba.

Pali kanjira kena kachidule kamene ndimadana nako, kongotsitsa ma purayorite onse pa sipuredishiti masana amodzi kuti agwirizane ndi 80, 15, 5 ija, yoti pafupifupi 80 peresenti akhale otsika, 15 apakati, 5 okwera. Manambalawo ndi oona, ali m'miyezo, koma ndi zotsatira zomwe mumayembekezera ntchito ikagwiridwa bwino. Kuwakakamiza kuli ngati kusintha manambala pa sikelo ya ku chigayo, thumba silinalemere. Ma alamu 35 aja abwerabe onse, kungoti tsopano ndi achikasu.

Chifukwa chake purayorite ili nkhani yaikulu chinaonekera ku Milford Haven ku Wales mu Julayi 1994, pa rifainale ya mafuta ya Texaco. Nakonso zinayamba ndi mphezi m'mawa, pulanti inasokonekera kwa maola angapo, kenako kunaphulika nkuvulaza anthu 26. Ofufuza anapeza kuti mphindi 11 zomalizira ma opareta awiri analandira ma alamu 275, ndipo ma alamu ambiri pa sisitemu imeneyo anali oikidwa pa purayorite yokwera. Alamu ya levo yokwera mu diramu ya fuleya inalira, koma inamira mwa anzakewo.

Tsopano kusapuresa kotengera mmene pulanti ilili, uku nde kumamenya chigumula chenichenicho. Ganizo lake ndi lophweka: pampu ikaima, pulesha ndi fulo yotsika si nkhani, nde sisitemu iwabise yokha.

```
SUP_PAL101 := NOT P101_RUN_FB;
SUP_FAL101 := NOT P101_RUN_FB;
```

Mizere iwiriyi ikubisa pulesha ndi fulo zokha. Mukachita chimodzimodzi pa pulesha yotsikitsitsa, karenti ndi madzi oziziritsa aja, nkubisa ya mota yolamulidwa koma yosayenda pokhapokha pali tiripi, ma alamu 7 aja amatsala imodzi, ya tiripi, ndipo mapampu asanu akupatsani 5 m'malo mwa 35, opareta akutha kuwerenga. Koma apa mpamene pamafunika mutu. Onani kuti lojikiyi ikuyang'ana fidibaki yoti mota ikuzunguliradi. Kapulingi ikaduka mota imazungulirabe, fidibaki ilipo, nde alamu ya fulo yotsika ilira monga ikuyenera. Pampu ikamadzuka pamafunika masekondi angapo pulesha isanakwere, mukapanda kuika kadileyi pochotsa sapuresheni mulandira ma alamu abodza pa sitati iliyonse. Ndipo waya wa fidibaki uja ukamasuka, sisitemu iganiza kuti pampu yaima pomwe ikuyenda, ma alamu abisika mwakachetechete mpaka tsiku la tsoka. Nchifukwa chake pamafunika sikirini yoonetsa zonse zosapuresedwa panopa, komanso alamu yosagwirizana pakati pa lamulo ndi fidibaki isabisidwe pamene palibe tiripi yoifotokoza. Choopsa kwambiri ndi injiniya wachangu amene amati "gawo lonseli laima, tibise zonse za m'gawoli", nkubisa limodzi ndi alamu ya levo ija, pomwe nthawi imene pampu yaimayo ndi imene thanki ikudzaza. Ndani angadziwe kuti iyi ibisike iyi isabisike? Yankho lake likuchokera ku njira yotsalayi.

Rashonalaizeshoni ndi yotopetsa, tisanamizane. Mumakhala m'chipinda, opareta wodziwa bwino gawolo, injiniya wa purosesi, wa insitirumenti, nthawi zina wa sefite, nkumadutsa alamu imodzi imodzi ndi mafunso omwewo: chayambitsa nchani, opareta achite chani, akapanda kuchita chichitike nchani, ali ndi mphindi zingati. Alamu yopanda chochita cha opareta si alamu, ipite ku loogi ya zochitika. Karenti yotsika ya P-101 ija imafera pomwepa ngati ikungonena zomwe fulo yanena kale. Pulesha yotsika ndi yotsikitsitsa, ngati chochita chake nchimodzimodzi, imodzi ichoke. Levo yokwera ikhale, ndipo purayorite yake ichokera pa zinthu ziwiri, kukula kwa ngozi ndi nthawi. Ngati m'thankimo muli madzi wamba ndipo pali khoma lotchinga zosefukira, mphindi 10 zija ndi purayorite yapakati kapena yotsika. Ngati muli kositiki ndipo anthu amadutsa pansi pake, yomweyo ikwera. Mwinanso gulu liona kuti 80 yachedwa, nkuitsitsa pa 70 kuti opareta akhale ndi mphindi 15, bola levo ya masiku onse isamafikeko. Zonsezi zimalembedwa mu detabesi yaikulu ya ma alamu, ndipo osayamba musanalembe chikalata cha malamulo a pulanti yanu onena kuti purayorite iliyonse ikutanthauza chani, apo ayi tsiku loyamba lithera mkangano.

Vuto lake ndi anthu. Muyenera kuchotsa opareta wanu wabwino pa shifiti kwa masabata, ovataimu ikwera, ndipo m'chipindamo mawu a bwana amalemera. Mukamva mkulu wa purodakishoni akuti "imeneyo isiyeni pa HIGH, zikavuta mudzandiyankhira ndinu?", aliyense amangoti chabwino bwana, nde pofika Lachisanu theka la listi lafiiranso. Wotsogolera zokambirana akhale munthu wotha kunena mwaulemu kuti pepani akulu, chikalata chathu chija chikuti iyi ndi yapakati. Chinanso, zomwe mwagwirizana zimasungunuka ngati aliyense ali ndi pasiwedi yosinthira ma setipointi usiku. Pamafunika kufananiza sisitemu ndi detabesi ija pafupipafupi, ndipo kusintha kulikonse kudutse pa pepala.

Nde zikanakhala kuti bajeti ndi yochepa, ndikanayamba ndi ma alamu 20 aphokoso aja mwezi uno, kushelevu nkukuikira malire a shifiti imodzi, kenako osayesa kurashonalaiza pulanti yonse kamodzi. Kokani loogi ya ma tiripi atatu kapena anayi a dzinja lathali, muone magawo amene anatulutsa ma alamu ochuluka pa mphindi 10 zoyambirira, murashonalaize amenewo okha kaye, lojiki yosapuresa ibwere pambuyo pake pa ma alamu amene gulu lasainira. Poyesa ngati zagwira musayang'ane avareji ya pa tsiku, imeneyo dedibandi inaikongoletsa kale. Yang'anani chiwerengero cha mphindi 10 zoyamba pa tiripi yotsatira, komanso nthawi yonse imene opareta anakhala m'chigumula pa mwezi, yomwe ISA-18.2 imafuna isafike 1 peresenti, kutanthauza pafupifupi maola 7 pa mwezi wa masiku 30.